Zigoli 7 kwa duu: kochi awauze chiyani ana?

Timu ya ana ikagonja ndi chigoli chimodzi, anawo amakwiya, amatsutsana za penate imene oyimbira masewero sanawapatse, koma pofika kunyumba ayiwala. Ikathidzimulidwa ndi zigoli 7 kwa duu zimakhala zina. Palibe wotsutsana ndi mnzake. Wina wavula jezi n'kuphimba nayo kumaso, wina akumasula zingwe za nsapato zimene wamasula kale, goloboyi wakhala payekha patsinde pa golo. Ochemerera a timu yopambana akuimba, ndipo nyimbo za pabwalo sizikhala ndi chisoni. Apa onse amayang'ana munthu m'modzi, mphunzitsi wa timuyo, amene anawo amangomuti a Kochi.

Ambiri timaganiza kuti mawu olimbikitsa ndi aja amoto a m'mafilimu, kochi akumenya pachifuwa, ana n'kudzuka akukuwa. Ena amakhulupirira kuti mankhwala a kugonja ndi kukalipa, ndipo pali makochi amene amathamangitsa ana kuzungulira bwalo masewero atangotha, ati amve kuwawa. Ine ndimaona kuti njira zonse ziwirizi zimaphonya. Mwana wa zaka 13 amene wachinyidwa 7 sakusowa moto, ndiponso sakusowa womuuza kuti walakwitsa, chifukwa akudziwa kale. Chimene chamugwira ndi manyazi, ndipo mwana wamanyazi samva malangizo. N'chifukwa chake kochi wodziwa ntchito yake salankhula kamodzi. Amalankhula kawiri: mawu ochepa pabwalo pomwepo, ndi mawu ena patsiku la pulakatisi yotsatira. Ntchito za mawu awiriwa n'zosiyana, ndipo vuto la makochi ambiri ndi kuziphatikiza.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyerekeze timu ya anyamata osapitirira zaka 14, imene yasewera Loweruka masana, mphindi 35 chigawo chilichonse, n'kugonja 7 kwa 0. Zonse zimene tinene zikugwiranso ntchito pa timu ya atsikana.

Wenzulo yomaliza ikalira, choyamba si kulankhula. Kochi amaonetsetsa kuti ana ake apatsana moni ndi anzawo opambana ndi oyimbira, kenaka amawachotsa pakati pa anthu. Amapita nawo pamthunzi, kutali ndi ochemerera ndi makolo, n'kuwapatsa madzi. Izi si zachabe: chilichonse chimene chinenedwe anthu akumva chimasanduka chiweruzo cha pagulu, ndipo mawa lake chidzabwerezedwa kusukulu. Kochi amayang'ananso ngati pali wovulala, chifukwa mwana amene ali ndi manyazi amabisa ululu. Akatero amakhala pansi kapena kunjuta, kuti maso ake afanane ndi a anawo. Munthu wamkulu akaimirira pamwamba pa ana okhala pansi, ngakhale mawu ake atakhala ofatsa, thupi lake limakhala likukalipa.

Mawu ake asapitirire mphindi ziwiri kapena zitatu. Angamveke motere:

"Anyamata, tayang'anani kuno. Lero atichinya 7, ndipo zikuwawa. Inenso zikundiwawa. Anzathu aja asewera bwino kutiposa, sitibisa. Koma palibe munthu m'modzi pano amene watigonjetsa. Tachinyidwa tonse, kuyambira ine, chifukwa pali zinthu zimene sindinakukonzekeretseni. Sindikufuna kumva wina akuloza mnzake chala panjira. Chigawo chachiwiri munalowa tili kale 4 kwa 0, ndipo munasewera mphindi 15 osachinyidwa. Ndinaziona zimenezo. Pitani mukasambe, mukadye. Lachiwiri 3 koloko ndikufuna nonse, tidzakonze zinthu ziwiri."

M'mawu ochepawa muli zambiri. Kochi watchula nambala ya zigoli yeniyeni. Sananene kuti "mwasewera bwino, unali tsoka chabe," chifukwa ana si opusa. Akudziwa kuti sanasewere bwino, ndipo akamva bodza lotere amasiya kukhulupirira ngakhale matamando enieni a m'tsogolo. Watenga gawo lake la mlandu, zomwe zimapeputsa katundu pamapewa a anawo komanso zimawaonetsa kuti munthu angavomere kulakwa osagwa. Watamanda chinthu chimodzi, koma chinthu chimene chinachitikadi ndipo aliyense angachikumbukire. Pomaliza wawapatsa tsiku ndi nthawi. Mwana amene akuganiza zosiya mpira amafunika kumva kuti Lachiwiri akuyembekezeredwa.

Taonaninso zimene sananene. Sanatchule dzina la wolakwitsa aliyense. Sanayambe kufotokoza za kaimidwe ka otseka kumbuyo. Nayenso kochi ndi munthu, mtima wake uli m'mwamba, ndipo zimene anganene nthawi imeneyo zimachokera m'manyazi ake pamaso pa makolo ndi makochi anzake. Mawu ambiri opweteka amene ana amawakumbukira mpaka kukula amanenedwa m'mphindi khumi zoyambirira masewero atatha.

Pali mwana m'modzi amene mawu a pagulu samukwanira: goloboyi. Iye ndiye watola mpira muukonde kasanu ndi kawiri, ndipo ochemerera amamuitana ndi dzina. Anzake angabisale m'gulu, iye ayi. Kochi amayenda naye pang'ono, awiriwiri, n'kumuuza chinthu choona, monga: "Mpira uja unautulutsa chigawo choyamba, wina aliyense ukadamudutsa. Loweruka likubwerali pagolo pali iwe." Chiganizo chomalizachi n'chofunika kwambiri, malinga ngati kochiyo akutanthauzadi zimenezo. Kumuchotsa goloboyi wachichepere pagolo sabata yotsatira kumauza timu yonse kuti mlandu wapezeka mwini wake.

Wina anganene kuti kumeneku n'kulera ana mosasatitsa, kuti mpira ndi wa olimba mtima. Koma nkhaniyi anthu anaifufuza. Akatswiri awiri a pa yunivesite ya Washington ku Amereka, Ronald Smith ndi Frank Smoll, anayamba m'zaka za m'ma 1970 kuonerera makochi a ana m'masewero a bezibo, n'kumalemba zimene kochi amachita mwana akalakwitsa: kaya amamulimbikitsa, amamulangiza, amamulanga, kapena amangomusiya. Kenaka ankafunsa anawo maganizo awo. Anapeza kuti kukonda kochi kwa ana kunkadalira kwambiri khalidwe la kochiyo kusiyana ndi kuchuluka kwa masewero amene timu yapambana. Anakonza maphunziro aafupi ophunzitsa makochi kuti mwana akalakwitsa azimulimbikitsa ndi kumupatsa malangizo a kachitidwe kake, osati kumuopseza. Mu kafukufuku amene anatuluka mu 1992, mwa ana 100 alionse a makochi ophunzitsidwawo, pafupifupi 5 okha ndiwo sanabwerenso chaka chotsatira, pomwe kwa makochi osaphunzitsidwa anali 26. Masewero ake ndi ena, dziko ndi lina, koma mwana wochititsidwa manyazi amachita chimodzimodzi kulikonse: amayamba kupeza zifukwa zosabwerera.

Onani kuti ofufuzawa sananene kuti kochi asamadzudzule. Anati chilimbikitso chiyende limodzi ndi malangizo. Malangizowo nthawi yake ndi Lachiwiri, ndipo apa ndipo pali ntchito yeniyeni.

Kochi wabwino amakhala ndi kope ndi cholembera pamzere. Chigoli chilichonse chikalowa amalemba mphindi yake ndi chiyambi chake, osati amene anali pafupi ndi mpira pomaliza, koma pamene vuto linayambira. M'chitsanzo chathu, kope likuonetsa izi. Chigoli choyamba chinalowa mphindi ya 12, pa kona, wochinya ali yekhayekha popanda womugwira. Chachiwiri, mphindi ya 31, goloboyi poyambitsa mpira anaumenya mofooka n'kugwera pakati, pamapazi a mdani. Chachitatu ndi chachinayi zinabwera mphindi ya 33 ndi ya 35, timu itangoyambitsanso masewero pakati, aliyense akuthamangira kutsogolo kukabweza, kumbuyo kutatsala anthu awiri amene ankakangana. Chachisanu, mphindi ya 50, kona inanso. Chachisanu ndi chimodzi, mphindi ya 64, chinali chigoli chokongola chochokera patali, chosaletseka. Chomaliza, mphindi ya 68, mpira wa goloboyi unagweranso pakati.

Tsopano 7 ija yasweka. Ziwiri ndi za makona, ziwiri ndi za kuyambitsa mpira kwa goloboyi, ziwiri ndi za kusokonezeka mutu atangochinyidwa, ndipo chimodzi n'choyenera kuwombera m'manja. Mwana amene Loweruka ankadziuza kuti "sititha mpira" Lachiwiri akumva kuti pali mavuto atatu, ndipo lililonse lili ndi dzina. Kumeneku ndiye kulimbikitsa kwenikweni, chifukwa munthu sangakonze "kusatha mpira," koma angakonze kona.

Kochi sayamba ndi kuwerenga kope lake. Amayamba ndi kufunsa. "Chigoli choyamba chinabwera bwanji? Ndani akukumbukira?" Poyamba pamakhala zii. Kenaka wina amati, "Pa kona, a Kochi." "Wochinya uja ankamugwira ndani?" Apa ayenera kusamala, chifukwa funso limeneli lingasanduke bwalo la milandu. Nthawi zambiri yankho loona ndi lakuti palibe amene anauzidwa kuti amugwire, ndipo kochi amanena yekha: "Palibe, chifukwa sitinagawane. Lero tigawana." Ana akapeza okha vuto amaligwira bwino kuposa akangouzidwa, komanso kochi amamva mmene iwo anawaonera masewerowo, zomwe kawirikawiri zimasiyana ndi mmene anawaonera iye ali kunja.

Kukambirana konseku kusapitirire mphindi khumi, kenaka mpira ugwe pansi. Pa makona, aliyense amapatsidwa ntchito: wina pamtengo wa golo wapafupi, aatali awiri kapena atatu kugwira aatali a mdani, wina kuima kunja kwa bokosi kudikira mpira wobwerera, ndipo goloboyi aphunzire kukuwa kuti "wanga!" akamatuluka. Amamenya makona khumi mbali iyi, khumi mbali inayo, mpaka aliyense adziwe poima asanauzidwe.

Vuto la kuyambitsa mpira ndi lofala kwambiri m'matimu a ana, ndipo si mlandu wa goloboyi. Mwendo wa mwana wa zaka 13 sungafikitse mpira pakati pa bwalo lalikulu, choncho ukamenyedwa molunjika umagwera pamalo oopsa kwambiri, kutsogolo kwa bokosi lake lomwe. Kuyambira mu 2019 malamulo a mpira anasintha: mpira woyambitsa pagolo sufunikanso kutuluka m'bokosi mnzake asanaugwire, pomwe adani ayenera kukhala kunja kwa bokosilo mpaka utamenyedwa. Ndiye kuti otseka kumbuyo awiri angaime m'mbali, pafupi, n'kulandira mpira waufupi ali ndi mpata. Ngati bwalo ndi la mabampu, monga alili mabwalo ambiri a pasukulu, kapena ngati adani akuthamangira mwamphamvu, goloboyi aumenyere chakumzere wa m'mbali, kumene ukatayika umangokhala woponya. Lamulo kwa anawo ndi lalifupi: osaumenyera pakati.

Vuto lachitatu ndi limene limasandutsa kugonja wamba kukhala chipongwe, ndipo ndi loyenera kulifotokoza bwino kwa ana. Timu imeneyi inali 1 kwa 0 mpaka mphindi ya 30, ndipo pofika mphindi ya 35 inali 4 kwa 0. Zigoli zambiri sizilowa motalikirana, zimabwera mogundana, chifukwa timu ikachinyidwa mitu imatentha. Ena amathamangira kutsogolo, ena amagwa mphwayi, mizere imatalikirana, pakati pamatseguka msewu. Izi zimagwera ngakhale akuluakulu. Pa 8 Julaye 2014, mu ndime ya matimu anayi ya chikho cha dziko lonse ku Belo Horizonte, Brazil inali kumbuyo 1 kwa 0 kwa Germany mpaka mphindi ya 22. Kenaka inachinyidwa mphindi ya 23, ya 24, ya 26 ndi ya 29, zigoli zinayi m'mphindi zisanu ndi imodzi, pakwawo, ndipo masewero anatha 7 kwa 1. Mwana akamva izi amazindikira kuti chimene chinamuchitikira chili ndi chifukwa chodziwika, si tsoka la iye yekha.

Mankhwala ake ndi pangano losavuta. Tikachinyidwa, kaputeni aitane onse pamodzi masekondi ochepa mpira usanayambenso, ndipo mphindi zisanu zotsatira otseka kumbuyo asadutse mzere wa pakati, osewera pakati akhale moyandikana, mpira uziyenda waufupi. Kochi angayeserere zimenezi pa pulakatisi: amagawa matimu awiri, n'kulengeza kuti timu iyi yangochinyidwa kumene, ndipo ipambana ikatha mphindi zisanu osachinyidwanso. Pa zinthu zitatuzi, sabata imodzi amasankha ziwiri zokha. Mutu wa mwana uli ngati ndowa: ukathira madzi opitirira, otsalawo amangotayikira pansi.

Ngati kochi akufuna nkhani yowapatsa mtima anawo, asapeke, ndipo safunika kupita kutali. Mu Malichi 2009 timu ya Flames, pansi pa mphunzitsi Kinnah Phiri, inagonja 5 kwa 0 kwa Ivory Coast ku Abidjan. Mu Okutobala chaka chomwecho matimu omwewa anakumananso pa bwalo la Kamuzu ku Blantyre, ndipo Malawi ndiyo inayamba kuchinya kudzera mwa Jacob Ngwira, Didier Drogba n'kubweza, masewero kutha 1 kwa 1. Mu Januwale 2010, ku Angola, timu yomweyo inagonjetsa Algeria 3 kwa 0 pa chikho cha mayiko a mu Africa. Nkhani imeneyi ndi yabwino chifukwa siilonjeza zozizwitsa. Pakati pa 5 kwa 0 ndi 1 kwa 1 panadutsa miyezi yoposa isanu ndi umodzi ya ntchito, ndipo zotsatira zake sizinali kupambana koma kufanana mphamvu. Koma ndi nkhani ya Lachiwiri. Loweruka, misozi ili m'maso, mwana safuna kumva za wina aliyense.

Pali mitundu iwiri ya mawu imene imaoneka ngati yotonthoza koma imawononga. Woyamba ndi kukankhira mlandu kwa oyimbira. N'zoona, oyimbira amalakwitsa, koma salakwitsa kasanu ndi kawiri, ndipo ana akaphunzira kuti kugonja kumachokera kwa munthu wa wenzulo, sabata yotsatira amataya nthawi kukangana naye m'malo mogwira munthu pa kona. Wachiwiri ndi nkhani ya zithumwa, yakuti anzathu aja anakhwima, kapena anakwirira kanthu pagolo. Mawu amenewa amamveka m'mabwalo athu, ndipo kochi akawavomereza pamaso pa ana wawalanda chinthu chokhacho chimene anali nacho, chomwe ndi mphamvu yokonza zimene zinalakwika. Ngati vuto lili m'chithumwa, pulakatisi ya Lachiwiri ilibenso ntchito.

Nkhani ya zaka ndi yovutirapo, chifukwa nthawi zina dandauloli limakhala loona. Kunama zaka kulipo mu mpira wa achinyamata, moti bungwe la FIFA linayamba kujambula mafupa a pamkono ndi makina a MRI pa chikho cha dziko lonse cha osapitirira zaka 17 mu 2009 ku Nigeria, mpikisano umene Malawi inasewera nawo. Komanso ngakhale popanda chinyengo, anyamata awiri a zaka 13 angasiyane kwambiri msinkhu ndi mphamvu, wina atatha kale msinkhu, wina asanayambe. Kochi angawauze ana ake zoona, kuti anzawo aja anali akuluakulu matupi ndipo kusiyana kumeneko kudzachepa m'zaka zikubwerazi. Koma ngati akukayikira kuti panali kunama zaka, dandaulo lake apite nalo kwa oyendetsa ligi, molemba, osati kulitula pa ana. Ndiponso mawu, ngakhale abwino chotani, ali ndi malire. Ngati timu ikuchinyidwa 7 kapena 8 sabata ndi sabata, vuto si mtima wa anawo. Aikidwa m'gulu losayenera, ndipo ntchito ya kochi ndi kuwapezera masewero apaubwenzi ndi matimu a msinkhu wawo. Chimodzimodzi mwana amene wabwera kumasewero a masana osadya kanthu, n'kuyenda wapansi ulendo wautali: miyendo ikamuthera mphindi ya 50, chofunika ndi chakudya, osati mawu.

Makolo nawo ali ndi mawu awo, ndipo angagumule m'mphindi imodzi zimene kochi wamanga. Bambo amene akulandira mwana pakhomo ndi kuseka kuti "akuti mwadya zingati?" sakufuna kumupweteka, koma mwanayo amamva kuti nkhani yafika kale kunyumba. Kochi wanzeru amapatula makolo amene analipo n'kuwapempha kuti za masewero asafunse lero, ayembekeze mwanayo ayambe yekha.

Kodi kochi angadziwe bwanji kuti mawu ake agwira? Asayese ndi zotsatira za Loweruka lotsatira, chifukwa zimenezo zimadaliranso mdani. Chizindikiro choyamba ndi kuwerenga mitu Lachiwiri: ngati pa ana 18 abwera 17, mawu a pamthunzi aja anagwira ntchito, ndipo wa 18 uja kochi amupitire kwawo tsiku lomwelo kapena mawa lake, asanazolowere kukhala. Chachiwiri ndi phokoso. Timu yamantha imasewera mwakachetechete, aliyense akubisala kuseri kwa mdani kuti mpira usamupeze. Ikayamba kuchira, ana amaitananso mpira, ndipo goloboyi amamveka akukuwa. Chachitatu chili m'kope lija. Masewero otsatira asanayambe, kochi amawapatsa anawo zolinga zimene zili m'manja mwawo: osachinyidwa pa kona, ndiponso osachinyidwa kawiri m'mphindi zisanu. Timu ingagonjenso 3 kwa 1, koma ngati palibe chigoli cha pa kona ndipo zitatuzo zinalowa motalikirana, kochi awauze anawo poyera kuti zimene anagwirira ntchito zatheka, n'kutsegula kope kuti aone kuti zitatu zatsopanozo zinayambira pati.